Za mutu wa mwana wophwatalala mbali imodzi

"Achemwali, mwana wakwanitsa masabata 9 ndipo kunkhongo kwake mbali ya kumanja kwaphwatalala. Ndikamugoneka chafufumimba amalira kwambiri. Ena akuti ndizimugonetsa tulo chafufumimba, ena akuti ndigule kapilo. Nditani?"

Eya mng'ono wanga, ndamva. Ndiyankha pa mawu chifukwa manja ali ndi ntchito, upirire phokosoli.

Ndiyambe ndi zoti usachite. Tulo, usiku kapena masana, azigona chagada basi, pamalo olimba, popanda pilo. Mwana wa msinkhu umenewo akagona chafufumimba kapena nkhope ikalowa mu pilo sangathe kudzipulumutsa, ndipo ndi mmene ana ena amafera kutulo. Mutu wophwatalala umakonzeka. Kapiloko kasiye.

Tsopano, iwe maso ako ali pa mutu, koma ine ndikufuna uyang'ane khosi. Mafupa a mutu wa khanda ndi ofewa, ndiye mbali imene amaigonera nthawi zonse ndi imene imaphwatalala. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani amagonera mbali imodziyo. Lero ukamusambitsa, tsitsi lili lonyowa, umukhazike pamiyendo ndipo uyang'ane mutuwo kuchokera pamwamba. Nthawi zambiri uona kuti khutu la mbali yophwatalalayo lasunthira kutsogolo pang'ono, mwina ndi chipumi chomwe. Kenako umugoneke chagada, nkhope yako pafupi, uziyenda pang'onopang'ono kupita kumanzere kwake ukumulankhula. Ngati akukutsatira mpaka tsaya kuyandikira pansi, ndi chizolowezi chabe. Koma ngati aima pakati, n'kuyamba kukutsata ndi maso okha kapena kutembenuza phewa lonse, ndiye kuti mnofu wa khosi ndi wokungika mbali imodzi. Zimenezo upite nazo kusikelo, amutumize kwa a fiziyo, akatswiri oongola minofu, akakuphunzitse kaongoledwe kake. Usamupotokole khosi wekha, ndapota nawe.

Ngati ndi chizolowezi, usinthe dziko lake. Mwana amatembenukira kumene kuli kuwala, khomo, ndi mawu ako. Wanga wachiwiri uja anali chimodzimodzi, ndipo ndinatha masabata ndisanazindikire kuti zenera ndi ine tonse tinali kumanja kwake. Ndinangomutembenuza, kumene kunali miyendo n'kukhala kumutu. Iwenso uchite choncho, kuti pokufuna iwe azitembenukira kumanzere. Posintha thewera uziima kumanzere kwake. Ngati umamupatsa botolo uzisinthasintha mkono, poti bere limasinthitsa lokha.

Za kulira kuja ukamugoneka chafufumimba ali maso. Aaa, ambiri amalira, chifukwa mutu ndi wolemera ndipo kuudzutsa ndi ntchito. Cholakwika chimene timachita ndi kumuika pansi kamodzi, alire mpaka kufiira, ife n'kunena kuti sakufuna. Yamba pachifuwa pako. Utsamire, theka kukhala theka kugona, umuike chafufumimba nkhope zikuyang'anana. Potsetsereka choncho mutu umapepuka, ndipo adzaudzutsa kuti akuone. Kungoti iwe usagone naye tulo pamenepo, ukamva kusinza muchotse. Akazolowera umupingase pamiyendo pako, kenako pansi, pa kansalu koyala pamalo olimba. Zigongono uzimukokera kutsogolo, zikhale pansi pa mapewa, chifukwa manja akatsalira m'mbuyo amangogwa ndi mphuno. Ukhoza kukulunga kathaulo kakang'ono n'kukaika pansi pa chifuwa, m'khwapa umu, ndi dzanja lako lili pamatako pake kuti kulemera kupite kumbuyo. Iwenso ugone pansi, nkhope yako kumanzere kwake.

Nthawi yake, mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu patsiku poyamba. Ngakhale mphindi imodzi ndi yowerengeka. Akayamba kung'ung'udza n'kumakhuza nkhope pansi, mudzutse, mubwerezanso nthawi ina. Uziwonjezera mpaka zonse pamodzi zifike mphindi 30 patsiku, zimene a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kwa ana osayamba kukwawa. Ali maso, iwe uli pomwepo, ndipo osati atangoyamwa kumene, abweza mkaka wonse. Akangodzuka ndi kusintha thewera ndiye nthawi yabwino. Akagona tulo ali chafufumimba, mutembenuze chagada.

Dikira, ndaiwala. Mpando wa m'galimoto ndi timipando togwedeza tija timakanikiza nkhongo yomweyo, ndiye asamatheremo tsiku. Kumunyamula choimirira paphewa kuli bwino.

Pofika miyezi 3 kapena 4 uyenera kumuona atatsamira zigongono, mutu uli m'mwamba. Mutuwo susintha pa sabata imodzi ayi, umatenga miyezi, ndipo umawongoka kwambiri akayamba kugubuduka ndi kukhala. Uujambule kuchokera pamwamba lero, ujambulenso pakatha mwezi, chifukwa maso ako a tsiku ndi tsiku sangaone kusintha.

Koma usadikire mweziwo, upite naye kusikelo ukapeza kachotupa kolimba m'khosi, mutu ukamapendekeka mbali imodzi nthawi zonse, ukamva kamzere kotukuka kolimba pa chigaza, kapena liwombo likaoneka ngati latseka kale. Liwombo likatupa ndiye upite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Unditumizire chithunzicho madzulo ano.