Za kuphwetsa dothi lofewa la ku Bangula musanamange

Wina wafunsa kuti: "Tapeza malo kufupi ndi Bangula, kumunsi kwa msewu, tikufuna kumanga nyumba yosungiramo chimanga ndi mpunga ya mamita 60 ndi 40. Pansi pali dothi lofewa, akuti tiyike madireni oyimirira ndi kuunjika dothi pamwamba kuti litsike kaye. Zimatenga nthawi yayitali bwanji, ndipo ndi kontirakitala uti wabwino?"

Achimwene, musanalipire munthu aliyense, dziwani kaye kuti dothi lanulo ndi liti, chifukwa kuchigwa kuno timatchula zinthu ziwiri ndi dzina limodzi. Pali makande, akuda aja odzaza cha ku Ngabu, amene amang'aluka m'chilimwe mpaka dzanja kulowa, mvula ikagwa n'kufufuma. Pali linanso, matope akale amene Shire ndi Ruo anasiya m'madambo, onyowa chaka chonse, oti ukafinya m'manja amatuluka pakati pa zala. Madireni, timalamba tobayidwa pansi kuti madzi a m'dothi apeze potulukira, amathandiza lachiwirili lokha. Makande vuto lake ndi kutupa ndi kunyala, ndiye ngakhale mubayemo madireni 5,000 khoma lidzang'alukabe. Kumbani dzenje mu Okutobala. Mukapeza kuti mamita awiri oyamba ndi ouma gwa koma pansi pake madzi akutuluka ndipo chitsulo chikulowa ndi mphamvu ya manja okha, ndiye kuti tikukamba nkhani imodzi.

Anzathu amene alemba kuti "thirani miyala, rola ipondeponde" sindikuwanyoza, koma rola imalimbitsa masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono a pamwamba. Dothi lonyowa limene lili mamita 6 pansi silidziwa n'komwe kuti kunja kwabwera rola. Katundu mukamuyika, amayamba wasenzedwa ndi madzi amene ali m'timipata ta dothilo, ndipo dothi limatsika pokhapokha madziwo akapeza potulukira. Kuponda kwa tsiku limodzi sikufulumizitsa zimenezo.

Nthawi yake imayendera mtunda umene dontho la madzi liyenera kuyenda, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti dothi lofewalo ndi lokuya mamita 8 ndipo pansi pake palibe mchenga, madzi onse ayenera kukwera pamwamba. Kuti litsike magawo 90 pa 100 timawerengera chonchi:

```
t = 0.848 × H² / cv
```

H ndi mtunda uja, cv ndi liwiro limene dothilo limataya nalo madzi, ndipo amalipeza ku labu. Tikayika mamita 8 ndi cv ya masikweya mita 2 pa chaka, yomwe si yachilendo pa dothi lotere, tikupeza zaka pafupifupi 27. Pakadakhala mchenga pansi, mtunda ukadakhala mamita 4 ndipo zaka zikadatsika kufika pa 7. N'chifukwa chake nyumba zina zimaoneka bwino zaka zitatu zoyamba kenako zitseko n'kuyamba kukana.

Direni loyimirira, limene pa kotesheni mudzaona litalembedwa PVD, ndi kalamba ka pulasitiki kokhala ndi tingalande, kokutidwa ndi nsalu yosefa, masentimita 10 m'lifupi, kopyapyala ngati katoni. Makina amakabaya pansi mkati mwa chitsulo chachitali, chitsulocho n'kuzulidwa, kalamba n'kutsala. Madzi sakwereranso mamita 8, amangoyenda chammbali osakwana mita imodzi n'kupeza njira. Direnilo silikoka madzi lokha ayi. Popanda mulu wa dothi pamwamba woti ufinye, mwangokwirira ndalama.

Tsono pa malo anu. Mulu uyenera kupitirira nyumbayo mamita 5 mbali zonse, ndiye tikukamba za mamita 70 ndi 50. Mukatalikitsa madireni mita 1.5, mosemphanitsa mizere ngati mafuwa, afunika pafupifupi 1,800, ndipo ndikawerengera ndi liwiro la chammbali la masikweya mita 3 pa chaka ndikupeza miyezi 10 kuti dothi lifike pa 90 paja. Mukawafupikitsa kufika mita imodzi, miyezi imatsika kufika 4, koma madireni akwera kupitirira 4,000. Mukawatalikitsa mamita awiri pofuna kupulumutsa ndalama, konzekerani chaka ndi miyezi 7. Manambalawa ndi a chitsanzo, anu adzachokera mu dothi lanu, koma kasiyanidwe kake kadzakhala komweko.

Wina akadzakuuzani miyezi 7 pa mita 1.5 yomweyo, mufunseni ngati wawerengera kupakika kwa dothi. Chitsulo chija chikamalowa chimasalaza dothi lozungulira direni ngati mmene mayi amakulungizira m'phika ndi mwala, ndiye madzi amavutika kudutsa pakhungu limenelo. Miyezi itatu ya kusiyanayo imachokera pamenepo, ndipo ambiri amaisiya dala kuti kotesheni ikome. Komanso miyeziyi imayamba kuwerengedwa mulu ukakwana, osati tsiku limene makina afika.

Mulu wake ukhale wotani? Uyenera kulemera kuposa zonse zimene zidzakhale pamenepo. Matumba a chimanga osanjikiza mamita 4 ndi pafupifupi matani atatu pa sikweya mita. Kuwonjeza mita imodzi ya dothi lokwezera malo, lomwe ku Bangula simungalizembe mukakumbukira madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023, tafika matani 5. Ndiye mulu wa mamita 3.5 ndi umene ndingayike, wolemera matani 6 ndi kanthu. Pansi pakhoza kutsika masentimita 40 kapena 50, choncho musadzadabwe kuti dothi lina "lasowa".

Chenjezo langa lalikulu lili apa: musaunjike mamita 3.5 onsewo kamodzi. Dothi lofewa kwambiri limatha kusenza mamita osakwana atatu bwinobwino, mukapitirira mofulumira mbali imodzi imagumuka, pansi n'kufufuma patsogolo pake ngati chulu. Zikatero dothi lasokonezeka, madireni aduka, mwabwerera kumbuyo kuposa pomwe munayambira. Ikani mita 1.5, dikirani milungu 4 kapena 6, dothi likhwimeko, kenako onjezani. Khomani zikhomo mumzere kunja kwa mulu, mamita atatu kuchokera m'mphepete, muzikokapo chingwe m'mawa uliwonse. Zikayamba kusuntha kapena mukaona mng'alu wautali pamwamba pa mulu, matipa ayime tsiku lomwelo.

Ine zinandionekera pa ntchito ina ya kuchigwa konkuno, ndili woyang'anira wamng'ono, ndipo sichinali chigumukire ayi, unali mchenga. Madireni asanabayidwe pamayalidwa mchenga wokhuthala theka la mita, kuti madzi akakwera apeze njira yotulukira m'mbali. Kontirakitala wathu anaona kuti mchenga wabwino wa mumtsinje uli kutali, n'kutenga wapafupi wosakanikira ndi matope. Pamaso umaoneka mchenga ndithu. Mwezi woyamba pansi panatsika bwino, kenako m'mphepete mumatsikabe koma pakati pataima nji, ndipo ngalande ya m'mbali inali youma pomwe imayenera kumachucha tsiku lililonse. Mwini ntchito anati zatha, pasatsikanso, chotsani mulu. Anawerenga miyezi 6 pa kalendala n'kumanga. Patatha zaka ziwiri pakati pa silabu panali ngati mbale, madzi otsukira amakathera pakatipo, ndipo mng'alu unayenda kuchokera pakhomo mpaka kukhoma lakumbuyo. Kuyambira pamenepo mchenga uliwonse ndimauthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kuusiya. Madzi akakhala ofiira nthawi yayitali ndipo pamwamba pa mchenga pakakhala khungu lokhuthala la matope, tipa imeneyo ibwerere.

Ndiye tsiku lochotsa mulu lisachokere pa kalendala. Musanathire dothi ikani mbale zachitsulo pansi, iliyonse ndi paipi yoyimirira yomwe muzilumikiza mulu ukamakwera. Zisanu ndi zinayi zikwana, zitatu pakati ndi zina m'mbali. Munthu wa levulo aziwerenga tsiku lomwelo sabata iliyonse, kuchokera pa chizindikiro chomwe chili kutali pa nthaka yosatsika, osati pa mtengo wa m'mphepete mwa mulu umene ukutsika nawo. Manambala akamachepa pang'onopang'ono, 30, 24, 19, 15 mamilimita pa sabata, ndiye kuti zikuyenda, ndipo injiniya akhoza kuonera pomwepo pamene zidzathere. Akangoti dukuluku n'kuima msanga, kayikirani. Apa m'pamene piyezomita imagwira ntchito, kachipangizo kokwiriridwa pakati pa dothi koyeza mphamvu ya madzi. Kutsika kukaima koma madzi akadali othinikizika, sikuti dothi lakhwima, njira yatsekeka. Ikani ziwiri ngakhale bajeti ikulira.

Za mtengo ndingonena mongoyerekeza. Kalambako si kodula, pa ntchito zikuluzikulu kamakhala dola imodzi kapena ziwiri pa mita kataikidwa kale, ndipo inu mukufuna mamita 14,000 ndi kanthu. Chimene chidzakupwetekeni ndi kubweretsa makina obayira, omwe mwina achokera kunja kwa dziko n'kutsika pa Thabwa atakwezedwa pa lole, ndiponso dothi la mulu. Makiyubiki mita pafupifupi 12,000 ndi maulendo 1,200 a tipa wamba, pa dizilo wa masiku anoyu. Konzeranitu kumene dothi lotsala lidzapite mukachotsa, mwina kukwezera msewu wolowera ndi bwalo la malole, kuti musalipire kawiri.

N'chifukwa chake ndalama yoyamba ipite ku kubowola, maenje atatu kapena anayi ofika pansi polimba. Matope a Shire nthawi zambiri amakhala ndi timizere ta mchenga mkati, totsalira pa kusefukira kwa zaka zosiyanasiyana. Timizereto tikakhala tambiri ndi tolumikizana, dothi limadzitayira madzi lokha, ndipo mulu wopanda madireni ukhoza kumaliza ntchito m'nyengo imodzi. Mukapeza kuti lofewalo ndi mamita awiri kapena atatu okha, kumbani mulichotse, muthire labwino. Koma mukatulutsa zakuda zonunkha, zodzaza mizu ya bango ndi gumbwa yowola, ngati za m'mphepete mwa dambo la Elefanti, dziwani kuti zimenezo zimapitiriza kutsika pang'onopang'ono madzi atatuluka kale, ndipo madireni alibe nazo mphamvu. Pamenepo muyambe kukamba za mapayilo, mizati yokhomeredwa pansi kuti isenze nyumba, kapena malo ena.

Muyambe mu Meyi madzi akaphwa, kuti mulu ukhale utakwana pofika Seputembala, mvula idzaupeze ukugwira ntchito. Muteteze m'mphepete mwake ndi miyala kapena matumba, chifukwa madzi osefukira amakokolola tsinde la mulu n'kutseka mchenga uja ndi matope, ndiponso gawo limene lamira limapepuka, silifinyanso mokwanira. Madzi akabwerera, tumani anyamata afukule ngalande ndi kukanda pakamwa pa mchenga mbali zonse mpaka muone pakuchuchanso.