Ngongole yatsala zingati? Kuwerengera m'mbuyo ndi kutsogolo

"Ndinakongola 100,000 pa chiwongoladzanja cha 10% pachaka, kubweza kamodzi pachaka kwa zaka 5. Ndalipira kawiri, 26,379.75 ulendo uliwonse. Ine ndikachotsera ndikupeza kuti yatsala 47,240.50, koma ondikongoza akuti 65,602.53. Kodi akundibera?"

Sakukuberani ayi. Koma kalata yanuyi yandikumbutsa tsiku limene ndinachita manyazi, ndiye mundilole ndiyambire kumeneko.

Inenso ndinapitapo kwa ondikongoza nditanyamula kapepala ka masamu anga, mtima uli phuphuphu. Usiku wonse ndinali nditawonkhetsa zomwe ndinalipira, n'kuchotsera pa ngongole, ndipo ndinakonzekera mawu oti ndikawalalatire. Mayi amene ndinawapeza pa desiki sananditsutse. Anangotembenuza kapepala kanga komweko n'kundifunsa kuti, "Bambo, chaka choyamba ndalama zathu zinagona kwa inu ulele?" Ndinangoti kukamwa yasa. Cholembera chomwe ndinabwera nacho ndinachiiwala pa desikipo, ndipo sindinabwerere kukachitenga.

Funso la mayi aja likukhudzanso inu. Chaka choyamba 100,000 inabala 10,000. Choncho pa 26,379.75 yanu, 10,000 inapita ku chiwongoladzanja, ndipo ngongole yeniyeni inatsika kufika pa 83,620.25. Chaka chachiwiri imeneyi inabala 8,362.03. Wonkhetsani ziwongoladzanja ziwirizi, mupeza 18,362.03, ndipo mukaiphatikiza ku 47,240.50 yanu ija mufika ndendende pa 65,602.53.

Zimene tachitazi ndiyo njira yoyang'ana m'mbuyo, kungoti m'mabuku amaidula. Amakulitsa ngongole yonse ngati simunalipireko kalikonse: 100,000 × 1.1 × 1.1 = 121,000. Kenako amakulitsanso malipiro anu, poti nawonso ali ndi msinkhu wake. Oyamba akhala chaka chathunthu, ndiye achulukitsidwe ndi 1.1, pomwe achiwiri mwangolipira kumene. Zonse pamodzi ndi 26,379.75 × 2.1 = 55,397.48, ndipo mukachotsa pa 121,000 mutsala ndi 65,602.52. Kadontho kosiyana kumapetoko musadandaule nako, kabwera chifukwa chodula manambala.

Njira yoyang'ana kutsogolo ilibe nazo ntchito zakale. Imangofunsa kuti malipiro atatu otsalawo ndi ofanana ndi ndalama zingati lero. Si 79,139.25 ayi, chifukwa m'menemo muli chiwongoladzanja cha zaka zomwe sizinafike. Malipiro a chaka chamawa agaweni ndi 1.1, otsatirawo ndi 1.21, omaliza ndi 1.331. Kuchita zimenezi n'chimodzimodzi kuchulukitsa 26,379.75 ndi 2.486852, ndipo yankho ndi 65,602.53.

```
m'mbuyo:   B = L(1+i)^t − P((1+i)^t − 1)/i
kutsogolo: B = P(1 − (1+i)^−(n−t))/i
```

Apa B ndi ngongole yotsala, L ngongole yoyambirira, P malipiro a ulendo umodzi, i chiwongoladzanja cha ulendo umodzi, monga 0.1 pa 10%, n maulendo onse, t maulendo omwe mwalipira.

Tsono chimene chimandinyansa n'chakuti ambiri amaphunzitsa njira ziwirizi ngati mapasa osasiyana. Zimagwirizana pokhapokha malipiro onse, akale ndi akutsogolo, akukwanira ndendende kutseka ngongoleyo pa chiwongoladzanja chimodzimodzi. Koma ndi angati amalipira mwaudongo chotero? Ine, pofuna kudzitonthoza pambuyo pa manyazi aja, ndinayamba kumaponya kandalama kapamwamba kuti nambala ikhale yosalala, ndipo masamu anga anasokonekeranso kachiwiri.

Pamene njira ziwirizi zasemphana

Tiyerekeze kuti munkalipira 26,400. Kuyang'ana m'mbuyo: 121,000 kuchotsa 55,440, yatsala 65,560. Kuyang'ana kutsogolo: 26,400 × 2.486852 = 65,652.89. Zasiyana ndi 92.89. Yoona ndi 65,560, chifukwa yachokera pa zimene zinachitikadi. Inayo yaganiza kuti mudzalipira 26,400 yathunthu katatu, pomwe malipiro omaliza adzakhala ochepa. Mukadumpha chaka osalipira, vuto ndi lomweli koma motembenuka: njira yakutsogolo idzakunamizani kuti ngongole ndi yaing'ono. Kwa ine, pakakhala mkangano ndi okongoza, njira yam'mbuyo ndiyo mboni, basi. Yakutsogolo ndimaikonda pamene zonse zayenda mwa pangano ndipo kwatsala malipiro ochepa, kapena pamene munthu waiwala kuti anakongola zingati poyamba, poti L mulibemo.

China n'chakuti manambala onsewa ndi a tsiku limene mwangolipira kumene kachiwiri. Mukapita kukatseka ngongole patadutsa miyezi, idzakhala itabalanso. Ndipo kwa amene amalipira mwezi ndi mwezi, i ikhale ya pamwezi, n ndi t zikhale miyezi. Kusakaniza za pachaka ndi za pamwezi kumataya munthu kutali.

Inuyo pemphani chikalata chosonyeza tsiku ndi kuchuluka kwa malipiro aliwonse, muwerengere m'mbuyo, kenako mutsimikize ndi njira yakutsogolo. Pa manambala mwanditumizirawa, 65,602.53 ndi yolondola.