Zaulerezo zimathera ku Guangzhou

"Ba sisi, ndafuna kuoda madiresi pa Taobao koma tsamba lolipirira lonse ndi Chitchaina, foni ikamasulira ikuti kutumiza ndi kwaulere komanso nditha kubweza. Ndilipire basi?"

Dikira kaye mwana wanga usanadine. Mawu amene foni yakuuza kuti zaulere ndi 包邮, ndipo sikukunamiza, kungoti ulere wakewo ndi wa mkati mwa China momwemo, kuchoka kwa wogulitsa kufika pa adiresi imene walemba, yomwe kwa ife imakhala weyahausi ya ejenti wotitumizira katundu ku Guangzhou. Ukaona 运费, mtengo wotumizira, pali nambala, imeneyonso ndi ya ulendo womwewo. Kuchoka apo kubwera kuno ku Lusaka ndi bilu ina, pa ndege amatchaja pa kilo, pa sitima amayeza malo amene katoni yatenga nkudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo zonsezi pa tsambalo sizioneka olo pang'ono.

Msonkho wa kunonso sulipo. Nambala ya pansi pa tsamba lolipirira ndi ya wogulitsa yekha, a msonkho a ZRA ali ndi masamu awo. Tinene madiresi ndi a madola 200, ndege 60. Dyuti amawerengera pa zonse pamodzi, 260, zovala ndi 25 peresenti ndiye 65. Kenako VAT 16 peresenti imakwera pamwamba pa 325, imeneyo 52. Katundu wa 200 wafika 377 usanakwere naye minibasi kupita ku Kamwala. Maejenti ambiri amaphatikiza kiliyaringi mu mtengo wa pa kilo, ena ayi, ndiye mufunse akulembere pa meseji osati pakamwa.

Manje za kubwezazo ndi pamene ine ndinalira. 七天无理由退货 ndiye kuti masiku 7 utha kubweza osapereka chifukwa, koma masikuwo amayamba kuwerengedwa katundu akasainidwa, ndipo wosaina si iwe, ndi mnyamata wa ku weyahausi uja. Ine ndinaodapo nsapato, katoni ndinadzaitsegula kuno patatha masabata atatu, masaizi onse ang'onoang'ono ngati za ana a sukulu, wogulitsa anangondiyankha kuti nthawi inatha. Olo akanavomera, ndalama yozitumizira kubwerera ikanaposa nsapatozo, ndinangozigulitsa motchipa ku Soweto.

Ndiye katundu akangofika kwa ejenti tsiku lomwelo muuze atsegule, ajambule, ayike tepi pa diresi uone masentimita, chifukwa XL yawo nthawi zambiri kwa ife ndi yothina. Ngati zalakwika abweze ali konko. Ukaona 运费险 pa tsambalo ndi bwino, ndi inshuwalansi imene imathandizako mtengo wobwezera. Ndipo batani la 确认收货, lovomereza kuti katundu walandira, usalikhudze zithunzi usanaone, ukangodina ndalama yapita kwa wogulitsa. Koma usagonenso, ukakhala chete masiku angapo limadzidina lokha.