Maminitsi akamamveka ngati macheza a mu minibasi

"Zikomo achimwene. Anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko kutchalitchi kwathu ku Chilomoni. Maminitsi anga oyamba a wapampando awabweza, akuti akumveka ngati ndikufotokozera mnzanga nkhani mu minibasi. Komatu ndinalemba zonse zimene anthu anayankhula, sindinasiye kanthu. Ndakutumizirani tsamba limodzi. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, tsamba lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo khutu muli nalo labwino. Chimene chakugwetsani ndi aneni, mawu aja onena zochitika. Ndime yanu yachinayi munalemba chonchi:

"Msungichuma akuti m'thumba muli K420,000. Anthu akudandaula kuti denga la holo likudontha. A wapampando ati tigule malata. Ena akuti tidikire kaye. Pomaliza tagwirizana kuti tigula sabata ya mawa."

Munthu amene anali nanu pa benchi Loweruka lija amva bwinobwino. Koma hadikava ya komiti siwerengedwa ndi anthu a tsikulo okha. Idzatsegulidwa chaka chamawa ndi mlembi amene adzalowe m'malo mwanu, kapena ndi abusa atsopano amene akufuna kudziwa kumene ndalama za holo zinapita. Munthu ameneyo akadzawerenga kuti "m'thumba muli K420,000" adzafunsa kuti muli liti, lero? Akadzafika pa "sabata ya mawa" adzasowa pogwira, chifukwa sabata ya mawa imasuntha ndi tsiku limene munthu akuwerenga. N'chimodzimodzi ndi "tagwirizana". Mawu amenewa amanena chinthu chimene changochitika kumene, chikadali chotentha, ngati mmene timanenera kuti "ndadya". Pakapita masiku awiri ayamba kale kunama.

Ndiye choyamba, zonse zimene zinachitika mumsonkhano zilembedwe mu nthawi yakale: inamva, inagwirizana, anapereka lipoti, munali. Ambiri tinaphunzira kusukulu kulemba "idagwirizana", pomwe kuno ku Blantyre pakamwa pamatuluka "inagwirizana". Zonse ndi Chichewa, ndipo palibe komiti imene ingakudzudzuleni pa zimenezo. Sankhani imodzi basi, muyende nayo kuyambira pa pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Ine ndimalemba "ina-".

Chachiwiri chaching'ono koma chimaluma: mawu akuti "akuti". M'Chichewa chathu "akuti" ali ndi kafungo ka mphekesera. Mukalemba kuti "msungichuma akuti muli K420,000", mwina inu simukutanthauza kanthu, koma wowerenga amamva ngati mlembi sakukhulupirira. Chotsaninso "ti-" yense. Maminitsi salembedwa ndi "ife". Amene akuchita zinthu ndi komiti, ndipo muzilitchula dzinalo, chifukwa "anagwirizana" payekha sauza munthu ngati ndi anthu onse khumi kapena a wapampando ndi msungichuma awiriwiri.

Tsopano pamene pali nkhani yeniyeni. Amene amalemba maminitsi m'Chingerezi ali ndi mawu atatu amene amawabwereza osatopa, ndipo aliwonse ali ndi kulemera kwake. M'Chichewa ine ndimagwiritsa ntchito awa: komiti inamva, komiti inagwirizana, komiti inamanga mfundo. Musawaone ngati mawu okometsera. Ali ngati miyala ya pasikelo, yaing'ono, yapakati ndi yaikulu.

"Inamva" ndi pamene komiti yangouzidwa chinthu. Lipoti laperekedwa, kalata yawerengedwa, wina wanena kuti denga likudontha. Palibe amene wapatsidwa ntchito, ndipo komiti sinanene kuti zimene yauzidwazo n'zoona. Apa ndi pamene alembi ambiri amaterereka: msungichuma akamaliza kuwerenga ziwerengero zake anthu n'kukhala chete, mlembi amalemba kuti "komiti inavomereza lipoti la chuma". Ayi. Kukhala chete si kuvomereza. Ngati palibe amene anaona malisiti, ngati a wapampando sanafunse kuti "kodi tikulilandira lipotili?", komiti inangomva. Tsiku limene kudzapezeke kuti K60,000 sikuoneka, mawu amodzi amenewo ndi amene adzanene ngati mlandu uli wa munthu mmodzi kapena komiti yonse inasainira.

"Inagwirizana" ndi pamene maganizo a anthu akumana popanda kukweza manja. A wapampando amwaza maso, afunsa ngati pali wotsutsa, palibe. Izi zimakwanira pa zinthu monga tsiku la msonkhano wotsatira, kapena kuti denga likufunika kukonzedwa msanga.

"Inamanga mfundo" ndi mwala waukulu uja, ndipo ndimausunga pa zinthu zitatu: ndalama zikamatuluka, anthu akamapatsidwa kapena kuchotsedwa udindo, ndi malamulo a gulu akamasinthidwa. Pamenepa payenera kukhala amene anapereka ganizo, amene analisekonda, ndi chiwerengero cha amene anavomera ndi amene anakana. Mfundoyo iziyima payokha, moti munthu atangoikopera papepala lina izimvekabe: ndani achite, achite chiyani, ndi ndalama zingati, pofika liti. Mukadzapita kubanki kukasintha osainira akaunti ya komiti, adzakufunsani maminitsi, ndipo chimene akufuna kuona ndi chiganizo chotere, chokhala ndi mayina ndi maudindo, osati nkhani yakuti anthu anakambirana.

Tiyeni tiikonze ndime yanu ija. Masiku ndi ziwerengero zina ndangoikapo kuti muone kaonekedwe kake, inu muika zenizeni:

4.1 Komiti inamva lipoti la msungichuma lakuti pofika pa 8 Malichi m'thumba munali K420,000.

4.2 Komiti inamva kuti denga la holo linkadontha.

4.3 Komiti inagwirizana kuti dengalo likonzedwe msanga.

4.4 Komiti inamanga mfundo yakuti msungichuma atape K300,000 kubanki ndi kugula malata pofika pa 15 Malichi, ndipo adzabweretse malisiti pamsonkhano wotsatira. Ovomera anali 7, okana 2.

Taonani kuti "ena akuti tidikire kaye" sanatayike. Alowa mu "okana 2". Ngati mmodzi wa iwo anapempha kuti kukana kwake kulembedwe ndi dzina, mumalemba. Apo ayi, mayina a okangana sakhala m'maminitsi, ndipo anthu amapitiriza kupatsana moni pakhomo la tchalitchi.

Taonaninso kuti pa 4.3 ndi 4.4 nthawi yakale ija yathera pa mawu akuti "kuti" ndi "yakuti". Komiti inagwirizana, zimenezo zinachitika kale. Koma chimene inagwirizanacho chinali chisanachitike, choncho timati "likonzedwe", "atape", "adzabweretse". Ndinaonapo mlembi wina, atauzidwa kuti zonse zikhale zakale, akulemba kuti "komiti inagwirizana kuti msungichuma anagula malata". Chiganizo chimenecho chikunena zina: chikuchitira umboni kuti malata anagulidwa kale, pomwe ndalama zikadali kubanki.

Mwina mukuti, kodi sizitopetsa kumangoti "komiti inamva, komiti inamva" tsamba lonse? Zimatopetsadi, ndipo aphunzitsi athu a chimangirizo akanatidula malikisi. Koma mukayamba kusinthasintha kuti zikome, apa "inatsimikiza", apo "inalola", kwina "inaona kuti n'koyenera", wowerenga amayamba kufunafuna kusiyana kumene inu simunakuganizire. Kodi "inalola" ndi yofooka kuposa "inatsimikiza"? Kodi "inaona kuti n'koyenera" ikupereka chilolezo chotapa ndalama? Mawu akakhala atatu okha, munthu amayendetsa chala m'mphepete mwa tsamba n'kupeza mfundo zonse zomangidwa m'mphindi imodzi. Ulemu umene a wapampando akuufuna umachokera pamenepo. Mawu achinayi amene ndimawalola ndi "inavomereza", ndipo ntchito yake ndi imodzi: kulandira chikalata chimene komiti yachiona ndi kufunsidwa, monga maminitsi a msonkhano wapitawo.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Chakumapeto kwa 2023 ndinali mlembi wa kakomiti kena kuno kumudzi kwathu, ndipo tinkakonza nyumba imene inawonongeka ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Pamsonkhano wa mu Okotobala ndinalemba kuti "komiti inagwirizana zogula simenti". Sindinalembe matumba angati, ndalama zingati, kapena tsiku. Amene anatumidwa anachedwa pang'ono, ndipo mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mitengo m'mashopu a ku Limbe inasintha, iye anagulabe matumba amene ankaganiza kuti tinapangana, ndalama n'kupitirira. Pamsonkhano wotsatira theka la anthu linkati tinamutuma matumba, theka linkati tinamupatsa malire a ndalama. Onse anatembenukira kwa ine kuti ndiwerenge buku. Ndinawerenga kachiganizo kanga ka mawu anayi, ndipo sikanathandize aliyense. Munthu wosalakwa anatuluka m'chipindamo akuoneka ngati wakuba chifukwa cha cholembera changa.

Samalaninso ndi nkhani zimene sizinathe. "Komiti sinagwirizane" imamveka pawiri: mwina anthu anakana, mwina sanafikebe pogwirizana. Lembani chimene chinachitika. Ngati ganizo linagwa, nenani kuti linakanidwa, ovomera 3, okana 6. Ngati nthawi inatha, lembani kuti komiti inaimitsa nkhaniyo mpaka msonkhano wa pa 12 Epulo. Mukatero idzapezeka yokha pa ajenda yotsatira.

Mumsonkhano mwenimwenimo musavutike ndi nthawi yakale. Lembani mothamanga mmene mukumvera, m'kope lina losakhala hadikava ya komiti. Ine m'mphepete ndimaika chilembo chimodzi pa nkhani iliyonse: M ngati tangomva, G ngati tagwirizana, F ngati yamangidwa mfundo. Ndikaika F ndimakweza dzanja a wapampando asanapite pa mutu wina, n'kunena kuti "pepani a wapampando, ndiwerenge mmene ndalembera". Pamatenga masekondi ochepa, ndipo nthawi zambiri m'pamene wina amadzidzimuka kuti sitinatchule tsiku. Kukopera m'buku ndimachita usiku womwewo kapena mawa lake, mutu usanayambe kuwonjezera zake.

Chinthu chimodzi musanabweze tsamba lanu kwa a wapampando. Pa 4.4 ndalemba "inamanga mfundo" ndi mavoti ongoyerekeza, koma pa zimene munanditumizira sindikuona kuti manja anakwezedwa kapena kuti ndalama zogulira malata zinatchulidwa. Ngati sizinachitike, musazilembe kuti maminitsi aoneke amphamvu. Lembani kuti komiti inagwirizana kuti malata agulidwe, ndipo muwauze a wapampando kuti msungichuma asanapite kubanki, nkhaniyi ibwererenso pamsonkhano kuti ikamangidwe bwino, ndi ndalama zake ndi tsiku lake.