Akandikweza malipiro, kodi msonkho sundimaliza?

"Zikomo achimwene. Ndimalandira K480,000 pamwezi, abwana akufuna kundikweza ifike K540,000. Anzanga akuti ndikangodutsa K500,000 a MRA azidula 30 peresenti ndiye ndizitenga zochepa kuposa pano. Ndikane?"

Musakane chemwali, chonde musakane. Ndipo anzanuwo muwauze kuti ndawapatsa moni koma akunama.

Funso lanuli landipsetsa mtima pang'ono, osati chifukwa cha inu ayi, koma bodza limeneli ndinaliona likumudya munthu ndi maso angawa. Pamene ndinkagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe tinali ndi bambo wina ku sitolo, munthu wolimbikira zedi, ankadziwa msomali uliwonse pamene uli, simenti ikasowa thumba limodzi iye ndiye ankayamba kudziwa. Atamuitana kuti akhale supavaiza anakana, ati iye sangamagwirire ntchito boma. Ndipo amene anamuuza zimenezi sanali akauntanti ayi, anali mlamu wake amene ankayendetsa minibasi, munthu woti chibadwire sanaonepo pesilipu. Udindo uja anapatsa kamnyamata kamene iye yemweyo anakaphunzitsa ntchito, ndiye bambo uja anakhala akulamulidwa ndi mwana mpaka kupuma ntchito, penshoni yakenso yochepa poti imawerengedwa kuchokera pa malipiro omwe aja anakakamira. Ifenso tinkangoseka pa nthawi ya tiyi m'malo momukhazika pansi ndi pepala ndi bolopeni. Nkhani ya mphindi zochepa chabe.

Ndipo ine ndimaona kuti mabwana ena bodzali amalikonda. Inde ndanena. Wantchito akamaopa kukwezedwa, wapindula ndani? Ofesi ya malipiro imangokupatsa kapepala kolembedwa PAYE ndi nambala pambali pake, palibe amene amakufotokozera kuti nambalayo yachokera kuti, ukafunsa amakuyang'ana ngati wabwera kudzapempha ngongole.

Nayi nkhani yake. Msonkho wa PAYE sadula ndi peresenti imodzi pa malipiro onse. Malipiro amawagawa m'magawo, gawo lililonse lili ndi peresenti yakeyake. Ganizirani ndowa zondandalikidwa pa mjigo, yoyamba ikadzaza madzi otsalawo ndi amene amapita mu yachiwiri, a mu yoyamba aja amakhala momwemo. Nditenga magawo amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024 poti ndi amene ali ndi malire a K500,000 anzanu akunenawo. Pa magawo amenewo, K150,000 yoyamba sankadula kanthu. Kuchoka pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti. Kuchoka pa K500,000 kufika K2,550,000 inali 30 peresenti, zopitirira apo 35 peresenti. Manambalawa boma limawasintha kudzera mu bajeti, ndiye musanawerengere funsani a MRA kapena akauntanti wa kuntchito kwanu magawo amene akugwiritsa ntchito mwezi uno, koma kawerengedwe kake nkomweka.

Pano pa K480,000 paja, K150,000 yoyamba ndi yanu yonse. Yotsala ndi K330,000, pamenepo 25 peresenti ndi K82,500. Mukutsala ndi K397,500.

Akakukwezani kufika K540,000, K150,000 ija sakuikhudzabe. Gawo lachiwiri ladzaza tsopano, K350,000, msonkho wake K87,500. Imene yadutsa malire a K500,000 ndi K40,000 yokha basi, ndipo 30 peresenti ija ikugwira pa K40,000 imeneyi, ndiye kuti K12,000. Msonkho wonse K99,500, inu mukutsala ndi K440,500. Mwaonjezera K43,000 m'thumba mwezi uliwonse.

Anzanu aja chimene achita ndi kutenga 30 peresenti ya K540,000 yonse, apeza K162,000, nkuona kuti mutsala ndi K378,000, yochepadi kuposa ya pano. Masamu awo ali bwino, koma lamulo silitero. Munthu wa K540,000 amati ali mu gawo la 30 peresenti koma mukagawa K99,500 ndi malipiro ake onse mupeza kuti boma latenga pafupifupi 18 peresenti. Kuti kukwezedwa kukutsitseni pangafunike gawo limene msonkho wake ukupitirira 100 peresenti, kuti pa kwacha iliyonse yoonjezera azikulandani yoposa kwacha. Gawo lotero kulibe. Ngakhale wa mamiliyoni uja wa pa 35 peresenti, pa K100 iliyonse yoonjezera amatsala ndi K65.

Apa pokha ndiwamvetse odandaula: K60,000 imene abwana alengeza si imene mudzaione. K17,000 yapita ku msonkho, ndipo ngati mumadulidwa 5 peresenti ya penshoni pa malipiro onsewo ndi K3,000 inanso, ngakhale imeneyo ndi yanu yomwe ikukudikirani kutsogolo. Ndiye munthu amene anawerengera kale K60,000, wauza kale akunyumba, walonjeza kale fizi ya mwana wa achemwali ake, akaona K40,000 amamva ngati amubera. Kupweteka kumeneko nkoona. Komatu kulandira zochepa kuposa zimene umayembekezera ndi nkhani ina, kulandira zochepa kuposa kale ndi inanso, anthu amaziphatikiza.

Komanso tisanamizane, chimene chikutidya ambirife si magawo a msonkho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu m'misika zinakwera, shuga, mafuta ophikira, thiransipoti, ndiye munthu ukukwezedwa koma thumba la chimanga likukuthawabe. Ukafika kumapeto kwa mwezi ulibe kanthu umafuna woti umuloze chala, ndipo MRA ndi yosavuta kuiloza poti dzina lake lili pa pesilipu pomwepo. Ndipo malire a ndalama yosadulidwa msonkho aja akamachedwa kukwezedwa pamene mitengo ikuthamanga, gawo lalikulu la malipiro limalowa mu msonkho chaka ndi chaka, apo ndiye pofunika kukwiya, kumawafunsa aphungu athu nthawi ya bajeti. Osati kukana ndalama.

Nanga amene amalumbira kuti yawo inatsikadi?

Alipo, ndipo ena sakunama, koma mukawapempha mapesilipu awiri muwaike pamodzi mupeza kuti wakuba ndi wina. Kawirikawiri ndi ovataimu. Munthu anali kalaliki, ankapha ndalama ya ovataimu Loweruka lililonse, wakhala supavaiza ndipo pa udindo umenewo kampani yake sipereka ovataimu, ndiye malipiro akwera ndi K60,000 koma wataya K80,000 ya ovataimu. Pena ndi alawansi ya kumunda imene imatha ukakhala wa mu ofesi. Pena mwezi womwewo ndi umene SACCO kapena banki yayamba kudula ngongole, kapena adivansi imene munthu anaiwala kuti anatenga. Palinso mwezi wa maariyasi kapena bonasi, ndalama zikabwera pamodzi zambiri zimagwera mu gawo la pamwamba ndiye mzere wa PAYE umaoneka woopsa, koma ngakhale pamenepo yotsala imakhala yambiri kuposa mwezi wamba.

Ndiye inu chemwali, musanasaine, funsani abwanawo funso limodzi: pa udindo watsopanowu pali alawansi kapena ovataimu imene ichoke? Akati ayi, sainani. Akati inde, awerengereni zonse pamodzi, muone ngati K43,000 ija ikukwirira zimene mukutayazo, ngati sikukwana kambiranani aonjezere. Ndipo pesilipu yoyamba ikatuluka muwerengere nokha PAYE yake, poti a ku ofesi ya malipiro nawonso amaphonya.