7 koloko ya ku Lilongwe si 7 koloko ya ku Manchester

"Achimwene, ndili ndi tsamba la zophikaphika ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Onditsatira ambiri ali konkuno, ena ku Joni, ena ku Ulaya, ochepa ku Amereka. Lamulungu lililonse ndimaphika pa layivi 7 koloko madzulo. Chilowereni Novembala a ku Mangalande akumafika nditapakula kale, akuti ndasintha nthawi, pamene ine sindinasinthe kanthu. Mapositi ena amandiikira ndi mng'ono wanga wa ku Manchester, nawonso ayamba kutuluka mochedwa. Ndikulakwitsa pati? Nanga nthawi yokomera onse ilipo?"

Achemwali, inu simunasinthe kanthu zoona. Asintha ndi iwowo, kungoti mwina iwo eni sanazindikire.

Wotchi ya kuno siisuntha chaka chonse. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambiki ndi South Africa tonse tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi imene dziko lonse limayezerapo, ija amailemba kuti UTC. Ndiye wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Joni musavutike nawo masamu, 7 koloko yanu ndi yawonso. Ku Mangalande ndi ku Ireland ndiye kuli nkhani. Lamulungu lomaliza la Malichi amakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala nkuwabwezanso. Pakati pa miyezi imeneyi amatsalira kumbuyo kwathu ndi ola limodzi lokha, koma ikadutsa Okutobala amatsalira ndi maola awiri. Layivi yanu ankaionera 6 koloko ya kwawo, nkuizolowera motero. Mawotchi atabwezedwa, inu mukuyatsa mbaula kwawo ili 5 koloko. Iwo akamakhala pansi 6 koloko monga mwa chizolowezi, kuno yakwana kale 8, nsima mwapakula. Foni zawo zinasintha zokha usiku ali mtulo, n'chifukwa chake akulumbira kuti wasintha ndinu.

Ku Amereka nakonso amasintha, koma pa masiku awoawo: Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala. Mu 2026 ndiye kuti Amereka pa 8 Malichi, Mangalande pa 29 Malichi, pobweza Mangalande pa 25 Okutobala, Amereka pa 1 Novembala. Masiku anayiwa alembeni pa kalendala ya kukhitchini. Ndi okhawo pa chaka amene masamu anu amasokonekera.

Za mapositi a mng'ono wanu aja, chimene chachitika n'chomwecho koma chabisala m'chida choikira nthawi. Chida chilichonse chimakhala ndi wotchi imene chikuyendera, ndipo siikhala ya ku Lilongwe nthawi zonse. Zina zimatengera foni kapena kompyuta ya amene akuika positiyo, zina zimatengera zimene munasankha tsiku lotsegula akaunti, mwina zaka zapitazo. Ngati mng'ono wanu anazolowera kulemba 18:00 pa laputopu yake kuti kuno ituluke 19:00, kuchokera kumapeto kwa Okutobala 18:00 yomweyo ikutuluka 20:00. Iye sakuona cholakwa chifukwa kwa iye nambala ndi yomwe ija.

Mutha kudziwa gwero la vuto pongoyang'ana mmene kuchedwako kukukhalira. Positi ikayamba kuchedwa kapena kufulumira ndi ola limodzi ndendende, ndipo izi zinayamba Lamulungu lina la Malichi, Okutobala kapena Novembala, chidacho chikuyendera wotchi ya kunja yosinthasintha. Ikamachedwa ndi maola awiri chaka chonse, mvula ndi chilimwe chimodzimodzi, chidacho chakhala pa UTC. Izi zimakonda kuchitika pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti ija, chifukwa ukangoiika imayambira pa `UTC+0` mpaka utalowa ku `Settings`, `General`, `Timezone` nkusintha wekha. Koma ikaphonya ndi maola 12, musalimbane ndi mayiko, wina wasokoneza `AM` ndi `PM`. Chida chikalola, lembani 19:00 basi.

Posankha wotchi m'chidamo, sankhani dzina la mzinda, osati nambala. Kwathu kuno ndi `Africa/Blantyre`. Lilongwe pa mndandandawo nthawi zambiri simuipeza, a ku likulu mungopirira. Ikasowa Blantyre tengani Maputo, Lusaka kapena Harare, n'chimodzimodzi. Kwa ife nambala ya `UTC+2` ingagwirenso ntchito poti sitisuntha, koma mukafuna positi yoti izituluka 8 koloko ya ku London chaka chonse, `Europe/London` imadziwa yokha tsiku losintha pamene nambala siidziwa. Mng'ono wanu mumuuze kuti asamawerengere pamtima. Chida chikalola, aike wotchi ya Blantyre. Chikakana, aonjezere Blantyre pa wotchi ya m'foni mwake, ndipo asanatsimikize positi aziona kaye kuti mawotchi awiriwo akusiyana bwanji, makamaka akamaika lero positi yodzatuluka tsiku losintha litadutsa. Mukatero yeserani: ikani kapositi kachabe kuti katuluke pakatha mphindi khumi, muone ngati katulukadi.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lokoma kuposa loyambalo. Nthawi yokomera onse kulibe, ndipo kuifunafuna kudzangokutopetsani. Chimene chilipo ndi nthawi yopweteka anthu ochepa. Tiyeni tiiyeze layivi yanu ya Lamulungu.

Mukamayamba 19:00, ku Manchester ndi 18:00 m'miyezi yawo yotentha, 17:00 m'miyezi yozizira. Ku Indiana ku Amereka, kumene kuli Amalawi ambirindithu cha ku South Bend, amatsalira ndi maola 6 kapena 7, ndiye ndi 13:00 kapena 12:00 masana. Ku Dallas chotsaninso ola lina: 12:00 kapena 11:00. Taonani tsono, 11 koloko m'mawa Lamulungu munthu ali kuti? Ali mu tchalitchi, foni ili m'chikwama. Masamu akunena kuti ali maso, ndipo ali masodi, koma sangaonere mayi akukazinga chambo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, amawerenga maola nkuiwala kufunsa kuti pa ola limenelo munthuyo manja ake ali pa chiyani. Abale athu ambiri a ku Mangalande amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo mashifiti ake nthawi zambiri amakhala a maola 12, monga kuyamba 8 m'mawa kuweruka 8 usiku. Wa shifiti ya masana, 17:00 akadali pa ntchito. Wa usiku, ndiye akudzuka kumene. Ngakhale amene tili nawo pa wotchi imodzi sitili pa dzuwa limodzi. Mu Juni ku Blantyre dzuwa limatuluka cha m'ma 6, pamene ku Cape Town limatuluka itatsala pang'ono 8, poti mzindawo uli kutali kumadzulo ndiponso kumwera. Positi ya "mwadzuka bwanji" ya hafu pasiti 5 imapeza mayi wa ku Ndirande atasesa kale pakhomo, koma wa ku Kapa ikumupeza mu mdima wa ndiweyani. Kunonso tili ndi zathu: 7 koloko madzulo azimayi ambiri amene mukufuna kuti akuonereni ali pa moto iwo eni, ndipo magetsi akazima foni zimakhala zatha moto kapena akuzisunga.

Ndikanakhala ine, layiviyo ndikanaisamutsira Loweruka hafu pasiti 8 usiku. Kuno anthu adya, mbale zatsukidwa, koma sanagone. Ku Joni chimodzimodzi. Ku Manchester ndi 19:30 kapena 18:30, a shifiti yaitali muwaphonyabe koma ena onse ali pakhomo. Ku Indiana ndi 14:30 kapena 13:30 Loweruka masana, ku Dallas 13:30 kapena 12:30, kulibe mapemphero kupatula kwa a Sabata, ndipo ngati a Sabata ndi ambiri pakati pa okutsatirani, ganiziraninso. Alipo amene muwataye: wa ku Dubai kwake ndi 22:30, angapirire, koma wa ku Perth ku Australia, amene ali patsogolo pathu ndi maola 6, kwake ndi 2:30 usiku. Ameneyo musamuwerengere. Musiyireni vidiyoyo adzaonere kukacha.

Musapitirire 9 koloko pofuna kukondweretsa a kunja. Mwanena nokha kuti ambiri ali konkuno, ndipo Malawi amagona msanga. Kutaya anthu mazana a ku Area 25 ndi ku Kawale chifukwa cha anthu khumi a ku Texas ndi malonda oluza, pokhapokha ngati khumiwo ndi amene amagula zinthu zanu. Izi mukuzidziwa ndinu. Onani m'bokosi la mauthenga kuti maoda amachokera kuti, osati kuti ndani amaombera m'manja kwambiri.

Ziwerengero zimene masambawa amakupatsani zingakuthandizeni, koma muziwerenge mochenjera. Pa YouTube Studio pali chithunzi choonetsa maola amene okuonerani amakhala pa intaneti, ndipo maolawo amalembedwa pa wotchi ya inu amene mukuyang'ana. Ndiye mng'ono wanu akakutumizirani chithunzi chojambula pa foni yake chonena kuti anthu amachuluka 18:00, imeneyo ndi 18:00 ya ku Manchester. Chinanso, chithunzicho chimaphatikiza mayiko onse pamodzi, ndiye gulu lalikulu limamiza laling'ono. Mukafuna kudziwa za a kunja paokha, afunseni. Koma musafunse kuti "nthawi yabwino ndi iti?", aliyense atchula yake osanena kuti ali kuti. Funsani kuti "muli mzinda uti, ndipo Loweruka mumapuma nthawi yanji?"

Khama lonseli lisungireni zinthu zofuna kuti munthu akhalepo pompo: layivi, mpikisano wa woyamba kuyankha, kutsegula maoda a zinthu zochepa. Vidiyo ya kaphikidwe ka futali siiwola ikagona. Masamba ambiri masiku ano saonetsa mapositi motsata nthawi imene atulukira, ndiye imene mwaika 12:30 masana kuno wa ku Indiana adzaipeza akadzuka. Chofunika kwambiri pa yotereyi n'choti inu mukhale pafupi ndi foni ikamatuluka, muyankhe makomenti oyambirira. Positi yotuluka 2 koloko usiku inu mukuliza mkonono imakhala ngati golosale yotsegula mwini kulibe. Chinthu chikakhala chachikulu, chilengezeni kawiri ndi mawu osiyana, kamodzi masana a kuno, kenanso cha m'ma 22:00 kuti chipeze a ku Mangalande ataweruka ndi a ku Amereka akadali masana.

Polengeza, mawu akuti "lero", "mawa" ndi "usiku uno" asiyeni. Munthu amene ali ku Dallas akawerenga "mawa" 8 koloko usiku Lachisanu, kuno kwalowa kale Loweruka, 3 kapena 4 koloko mbandakucha, ndipo palibe akudziwa kuti mawa lake ndi liti. Zilembo za CAT, zoimira nthawi ya kuno, nazonso ambiri sazidziwa. Lembani tsiku, deti ndi mizinda, mwachitsanzo: "Loweruka pa 7 Novembala 2026, 20:30 Lilongwe ndi Joni, 18:30 Manchester, 13:30 Indiana, 12:30 Dallas." Mzere umenewu muusunge m'foni m'mitundu itatu. Woyamba ndi umenewu, wa kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi. Wachiwiri ndi wa miyezi yawo yotentha, pomwe mizinda itatu yakunjayo muionjezera ola limodzi. Wachitatu ndi wa masabata osokoneza aja, atatu mu Malichi 2026 ndi imodzi kumapeto kwa Okutobala, pamene Amereka ili pa wotchi ya nyengo yotentha koma Mangalande ili pa yozizira: 18:30 Manchester, 14:30 Indiana, 13:30 Dallas.