Chambo chimene chimasanduka dontho pa foni

Kalata iyi yachokera kwa wowerenga wina wa ku Mangochi: "Ndikupanga apu yolumikiza ogula ndi ogulitsa nsomba. Ndapangitsa logo ya chambo pa Midjourney. Pa kompyuta ndi yokongola, koma ikakhala aikoni pa foni imangooneka ngati dontho. Ndinalembamo kuti izioneka bwino ikachepa, koma sizinathandize. Ndilembe chiyani?"

Achimwene, makina ngati Midjourney, amene amajambula zithunzi kuchokera pa mawu amene mwalemba, sachepetsa chithunzi n'kuchiyang'ana ngati mmene munthu angachitire. Amangojambula zofanana ndi zithunzi zimene zinkayendera limodzi ndi mawu amene mwalemba. Choncho kuwauza cholinga chanu sikukwanira. Auzeni maonekedwe amene amapirira kuchepetsedwa: zidutswa zingati, zonenepa bwanji, mitundu ingati.

Tiyambe ndi masamu pang'ono, chifukwa ndi amene akuonetseni chimene chikupha nsomba yanuyo. Chithunzi chimene mwalandira chili ndi mapikiselo pafupifupi 1024 mbali iliyonse. Aikoni ya Android muyezo wake ndi 48dp, kutanthauza kanthu kosakwana sentimita imodzi pa sikirini. Mafoni a masiku ano amathiramo mapikiselo ambiri m'kadanga kameneko, koma diso la munthu silikula nawo, ndiye ine ndimayesera pa mapikiselo 48 enieni. Kuchoka pa 1024 kufika pa 48 ndi kuchepetsa ka 21. Mzere wa mamba wonenepa mapikiselo 6 umatsala wosakwana ngakhale theka la pikiselo imodzi. Sumafufutika bwinobwino ayi, umasakanikirana ndi mtundu woyandikana nawo n'kukhala mbuu. Mamba onse, minga ya chipsepse cha pamsana, timizere ta kumchira, zonsezi zikasungunuka pamodzi ndiye dontho mukuliwonalo.

Muyezo umene ndimatsatira ndi uwu: kanthu kalikonse mu logo, kaya ndi mzere, diso kapena mpata wa pakati pa zidutswa ziwiri, kasachepere gawo limodzi mwa magawo 16 a chithunzi chonse. Pa 1024 amenewo ndi mapikiselo 64. Pa 48 amatsala 3, ndipo pa kachizindikiro ka webusaiti ka 16 imatsala imodzi. Mipata ndi imene anthu amaiwala kwambiri. Ganizirani chidindo cha amfumu pa kalata: pamene zilembo zathithikana inki imalumikizana, mawu osawerengekanso.

Tsopano zolemba zenizeni. Ndikanakhala inu ndikanayamba chonchi:

```
flat logo mark of a tilapia fish, side view,
one solid navy silhouette on plain white background,
deep round body, short tail, one large cut-out eye,
thick blunt shapes, centered, filling the frame
--ar 1:1 --stylize 50 --no text, scales, gradient, shadow
```

Mawu amene akusenza katundu wambiri apa ndi `one solid navy silhouette`. Akunena kuti nsomba ikhale chidutswa chimodzi chodzaza mtundu umodzi, ngati chithunzithunzi, osati yojambulidwa ndi timizere m'mbali. Logo za timizere zimakongola pa sikirini yaikulu, koma ndi zimene zimayamba kufa zikachepa. Ndalemba `tilapia` chifukwa chambo ndi wa mtundu umenewo ndipo makina anaona zithunzi zake zambiri. Thupi lotakata ndi mchira waufupi ndi zimene zimusiyanitse ndi usipa mamba atachoka, komanso zikuthandizani pa nkhani ya kudulidwa imene ndifikepo. Diso ndapempha limodzi, lalikulu, loboola. Diso limenelo ndi lokhalo lokongoletsa limene ndikulola, ndipo n'lokwanira kuti munthu adziwe kumene kuli mutu.

`--stylize 50` akuchepetsa luso lodzionjezera la Midjourney, limene mukapanda kulembapo limakhala pa 100. Luso limenelo ndi limene limabweretsa kuwala, mafunde ndi thovu zimene simunapemphe. Zimene simukuzifuna muziike pambuyo pa `--no`. Mukalemba `no scales` pakati pa chiganizo, nthawi zambiri makina amangogwira mawu a mambawo n'kuwajambula. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ina yopanda malo oterewa, nenani chimene mukufuna m'malo mwake, monga `smooth plain body`.

Pali mawu awiri amene sindinalembe dala. Oyamba ndi `app icon`. Amakonda kubweretsa kabokosi konyezimira kopinda m'makona, kokhala ndi mthunzi pansi, mwinanso foni yathunthu ili m'dzanja la munthu. Inu mukufuna nsomba yokha, makona adzapinda ndi foni. Achiwiri ndi dzina la apu yanu. Musaliike mu aikoni, foni imalemba kale dzinalo pansi pake, ndipo zilembo zisanu ndi chimodzi m'kadanga kosakwana sentimita palibe angaziwerenge.

Zithunzi zikabwera, musasankhe zili zazikulu. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa chokongola kwambiri pa sikirini yonse kawirikawiri ndi chimene chili ndi tinthu tambiri. Chepetsani zonse kaye. Ngati muli ndi ImageMagick:

```
magick chambo.png -resize 48x48 chambo48.png
```

Pulogalamu iliyonse yosinthira zithunzi ingachitenso zimenezi. Kenako ikani chithunzicho pa foni, tambasulani mkono, muyang'ane. Chabwino koposa, onetsani munthu amene sanaione logoyo, mphindi yochepa chabe, mumufunse kuti waona chiyani. Akati nsomba, mwafika. Akati tsamba kapena diso la munthu, ndiye kuti mchira wachepa kapena sunapatuke mokwanira, bwererani mukalembe `wide notched tail`. Diso likatsekeka, likulitseni. Msana ukaoneka waubweya, minga yabwereranso, onjezerani `smooth rounded dorsal fin`. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi kuti mudziwe chimene chathandiza.

Nkhani ya kudulidwa ija ndi iyi. Kuyambira pa Android 8.0, mu 2017, aikoni imapangidwa pa malo a 108dp mbali iliyonse, ndipo foni iliyonse imadula mwa kufuna kwake, ina mozungulira, ina mwa bokosi. Malo okhawo otetezeka ndi chozungulira cha 66dp pakati. Nsomba yaitali ikadzaza chithunzi kuchokera uku kufika uko, mlomo ndi mchira zimadulidwa. Mukaichepetsa kuti ikwane, imaonda ngati ndodo. N'chifukwa chake ndalimbikira thupi lozungulira. Chida cha Image Asset mu Android Studio chimakuonetsani madulidwe onsewo musanatumize apu.

Diso loboola lija lili ndi ntchito inanso. Kaaikoni ka uthenga kamene kamaoneka pamwamba pa sikirini ndi ka 24dp, ndipo Android sayang'ana mitundu yake, amangoona pamene pali chinthu ndi pamene palibe. Diso likakhala lopakidwa zoyera, pamenepo limasowa, nsomba n'kukhala chibulunga. Liyenera kukhala bowo lenileni.

Bowo limenelo makina sakupatsani, amangopaka zoyera. Ndiye mukasankha nsomba yanu, itsegulireni mu Inkscape, yomwe ndi yaulere, musankhe Path kenako Trace Bitmap. Ikusandutsirani chithunzicho kukhala mizere imene imakula ndi kuchepa osaphwanyika, ndipo poti mitundu ndi iwiri yokha, zoyera zimatsala zoboola. Pamenepo kulitsani diso ndi dzanja lanu mpaka lifike pa muyezo wa magawo 16 uja, salazani m'mbali mmene mwakhota, musunge ngati SVG. Kuchokera mu fayilo imeneyo tulutsani aikoni ya mapikiselo 512 ya Google Play, ndi ya 1024 ya App Store. Ya App Store muiikire mtundu wodzaza kumbuyo, chifukwa kumeneko salandira chithunzi choonekera mkati.